Zoyera M'kamwa mwa Khanda: Mankhwala Ndi a Mwana ndi Mayi Omwe

Pafupifupi khanda lililonse loyamwa limakhala ndi lilime loyera nthawi zina, ndipo kawirikawiri umakhala mkaka wotsalira basi. Koma pali kuyera kwina kumene sikuchoka ngakhale mayi apukute bwanji. Kumagwira m'kati mwa masaya, pankhama, kuseri kwa milomo ndi kumwamba kwa m'kamwa, kumaoneka ngati timibulu ta chambiko tomatirira. Mwana wa zoterezi amagwira bere ndi njala, n'kulisiya akulira, n'kuligwiranso. Pakapita masiku, mayi nayenso amayamba kumva nsonga za mabere zikuotcha.

Matendawa amayamba ndi kafangasi kotchedwa kandida. Ndi ofala kwambiri mwa makanda a milungu yochepa, ndipo amachizika ndi mankhwala osavuta kupeza. Chodabwitsa n'chakuti amayi ambiri amabwerera kuchipatala kawiri kapena katatu ndi vuto lomwelo. Nthawi zambiri si kuti mankhwala ndi ofooka ayi. Mwina sanakhale m'kamwa nthawi yokwanira, mwina anasiyidwa msanga, kapena anapatsidwa kwa mwana yekha pamene kafangasi kali pabere la mayi kudikira kubwerera.

Kumene kandida amachokera

Kandida si mlendo m'thupi la munthu. Amakhala mwakachetechete m'kamwa, m'matumbo, pakhungu ndi m'njira ya abambo ya amayi ambiri athanzi. Mwana amatha kumutenga pobadwa, podutsa m'njirayo, kapena pambuyo pake kuchokera m'manja mwa omulera, pabere, pa nsonga ya botolo ngakhale pa kamphira koyamwitsa ana pofuna kuwatontholetsa. Mwa munthu wamkulu, chitetezo cha thupi pamodzi ndi mabakiteriya abwino zimamupanikiza kuti asachulukane. Mwa khanda zonse ziwirizi zimakhala zisanakhwime, ndipo m'kamwa mofunda, monyowa, modutsa mkaka maola onse, kafangasiyu amaswana mosavuta.

Pali zinthu zimene zimamupatsa mpata woposa. Chachikulu ndi maantibayotiki monga amokisisilini. Mwana akamwa mankhwala otere chifukwa cha chibayo, kapena mayi akapatsidwa atachitidwa opaleshoni pobereka, mabakiteriya abwino amafa limodzi ndi oipa, kandida n'kutsala yekha. Mwana wobadwa masiku asanakwane ndi wonyentchera nawonso sachedwa kugwidwa. Kwa mayi, ming'alu ya pa nsonga za mabere, matenda a shuga ndi nsalu yonyowa mkaka yokhalitsa pachifuwa ndi zimene zimatsegula khomo.

Mkaka kapena matenda?

Njira yosiyanitsira ndi yapafupi. Mayi asambe m'manja, akulunge chala ndi kansalu kofewa koyera konyowetsedwa ndi madzi owiritsa ozizira, kenako apukute pang'onopang'ono. Mkaka umachoka, ndipo umakonda kukhala palilime pokha. Kandida amakakamira, akachoka mokakamiza amasiya malo ofiira, nthawi zina otuluka timagazi. Ngati zoyerazo zafika m'masaya ndi kuseri kwa milomo, mpata woti ndi mkaka ndi wochepa kwambiri.

Palinso timadontho toyera tolimba, tating'ono ngati njere, timene makanda ambiri amabadwa nato pankhama kapena pakati pa denga la m'kamwa. Timeneti si matenda, sitipweteka, ndipo timatha tokha m'milungu ingapo. Sitifunika kuboola kapena kupala.

Namwino wodziwa ntchito yake sathera m'kamwa. Amamasulanso thewera, chifukwa kandida womezedwa amadutsa m'matumbo n'kukatulukira kumusi. Zidzolo zake zimakhala zofiira kwambiri, zimalowa mpaka m'makwinya a ntchafu, ndipo m'mbali mwake mumamwazika timadontho tofiira. Zikapezeka, pamafunika mankhwala opaka a kolotirimazolo, mikonazolo kapena nisitatini, komanso kusintha thewera pafupipafupi ndi kumulola mwana kukhala wosavala kwa kanthawi kuti khungu liume.

Nisitatini: mililita imodzi, kanayi pa tsiku

Mankhwala amene amatchulidwa koyamba m'ndondomeko ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO yothandizira ana odwala ndi nisitatini wamadzi. Ndi mankhwala akale ndithu. Anatulukiridwa m'chaka cha 1950 ndi amayi awiri asayansi, Elizabeth Lee Hazen ndi Rachel Fuller Brown, amene ankagwira ntchito ku nthambi ya zaumoyo ya boma la New York ku America. Amabwera m'kabotolo, ndi achikasu, otsekemera, ndipo mililita iliyonse imakhala ndi mayuniti 100,000.

Mlingo wa nthawi zonse kwa khanda ndi mililita imodzi kanayi pa tsiku kwa masiku 7, ndipo madokotala amalangiza kupitiriza masiku ena awiri zoyerazo zitatha. M'maiko ena, monga ku America, amapereka mamililita awiri nthawi iliyonse, choncho mayi atsatire zimene zalembedwa m'buku la mwana wake la kuchipatala.

Chinsinsi cha mankhwalawa chagona pa mfundo imodzi: nisitatini salowa m'magazi. Amapha kafangasi pokhapo pamene wakhudza. N'chifukwa chake ndi wosaopsa ngakhale kwa mwana wa masiku ochepa, koma n'chifukwa chakenso amalephera akaperekedwa ngati panado wamadzi, kungothira kukhosi kuti mwana ameze. Mankhwala amene apita m'mimba osakhudza masaya sanachize chilichonse m'kamwa.

Tiyerekeze mayi amene wabwera ku sikelo ndi mwana wa milungu 7, yemwe anamaliza amokisisilini mlungu wathawu. M'masaya monse mwayera, ndipo mayi akuti mabere onse awiri akuotcha akamaliza kuyamwitsa. Wapatsidwa kabotolo ka nisitatini ka mamililita 30. Tsiku lake liyenda motere. M'mawa ayamwitse kaye mwana mpaka akhute. Akatero asambe m'manja ndi sopo, apukute m'kamwa mwa mwana modekha ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi owiritsa othira kamchere pang'ono, osapala. Agwedeze botolo bwinobwino, popeza mankhwala amakhazikika pansi. Akoke mililita imodzi ndi kopopera kamene kamabwera ndi botolo, kapena ndi sirinji yopanda singano. Theka adontheze m'kati mwa tsaya lakumanja, theka linalo m'tsaya lakumanzere, mwanayo atamunyamula mutu uli m'mwamba. Kenako ndi chala choyera afalitse mankhwalawo pankhama, palilime ndi kuseri kwa milomo.

Akamaliza, mwana asayamwe kwa mphindi zosachepera 20. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mwana akalira chifukwa cha chala m'kamwa, dzanja la mayi limathamangira kumupatsa bere, ndipo mkaka umatsuka mankhwala onse. N'chifukwa chake kuyamwitsa kumayamba, mankhwala n'kutsatira. Zomwezo achite masana, madzulo ndi usiku asanagone.

Tsopano tiwerengere botolo lija. Mamililita 4 pa tsiku kwa masiku 7 ndi mamililita 28, ndiye kuti kabotolo ka mamililita 30 kangokwana mlungu umodzi, popanda kutayika. Ngati zoyera zatha pa tsiku la 7, masiku awiri owonjezera afuna mamililita ena 8, onse pamodzi 36. Mayi wathuyu ayenera kubwerera kuchipatala botolo lisanathe. Ndipo ngati mlungu watha botolo lidakali pakati, ndiye kuti mlingo sumakwana kapena nthawi zina zimadumphidwa.

Kusintha kumayamba kuoneka pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu: mwana ayamba kuyamwa mosavutika ndipo zoyera ziyamba kuchepa. Imeneyi ndiye nthawi yoopsa, chifukwa m'kamwa mukayera bwino m'maso, kafangasi amakhala asanatheretu. Mayi akasiya pa tsiku lachinayi, pakatha mlungu umodzi kapena iwiri amapezeka ali pamzere womwewo.

Mikonazolo: wamphamvu, koma wofuna kusamala

Mankhwala achiwiri ndi mikonazolo wa m'kamwa, amene ndi phala lonanda la m'chubu. Chifukwa choti amamatirira, amakhala pa zilonda nthawi yaitali kuposa nisitatini. Kafukufuku amene anachitika ku Germany ndi kufalitsidwa m'chaka cha 1997 anayerekeza mankhwala awiriwa pa makanda oposa 200. Pofika tsiku la 12, pafupifupi ana 99 mwa 100 alionse opakidwa mikonazolo anali atachira, pamene kwa nisitatini anali pafupifupi 54. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo m'maiko monga Britain mikonazolo ndi amene amayamba kuperekedwa kwa mwana amene msinkhu wake walola.

Msinkhuwo ndi miyezi 4. Opanga mankhwalawa amaletsa kuwapereka kwa mwana wochepera pamenepo, ndipo kwa wobadwa masiku asanakwane amati adikire mpaka miyezi 5 kapena 6. Vuto si poizoni. Vuto ndi kunanda komweko: khanda limene silinadziwe kumeza bwino likhoza kutsamwa ndi chibulumwa cha mankhwalawa, mpweya n'kutsekeka. Madokotala ena amawaperekabe kwa ana ocheperapo akaona kuti n'koyenera, koma amatero atamuonetsa mayi kapakidwe kake. Si mankhwala ogulira khanda la mwezi umodzi kufamase mongomva kwa mnansi.

Kwa mwana wa miyezi 4 mpaka zaka ziwiri, mlingo ndi mamililita 1.25 kanayi pa tsiku atamaliza kuyamwa kapena kudya. Imeneyo ndi kota ya kasupuni koyezera ka mamililita 5. Kasupuniko ndi koyezera chabe, sikalowa m'kamwa mwa mwana. Mayi atape pang'ono ndi nsonga ya chala choyera, apake mopyapyala m'tsaya limodzi, atapenso apake linalo, kenako nkhama ndi kutsogolo kwa lilime, mpaka mlingo utha. Kukhosi asafikeko. Mankhwalawa amapitirizidwa kwa masiku osachepera 7 zoyera zitatha, kutanthauza kuti ngati m'kamwa mwayera bwino pa tsiku la 5, kupaka kumafika tsiku la 12.

Mosiyana ndi nisitatini, mikonazolo amalowako pang'ono m'magazi ndipo amalimbana ndi mankhwala ena. Mwana amene amamwa mankhwala a nthawi yaitali, monga a khunyu, dokotala adziwitsidwe asanalembe.

Nanga jivi?

Amayi ambiri akuukumbukira mlomo wofiirira wa mwana wopakidwa jivi. Mankhwalawa amaphadi kandida, ndipo akhala akuthandiza kumene nisitatini wasowa. Koma wa m'kamwa ayenera kukhala wosungunula, wa 0.25 peresenti, theka la mphamvu ya amene amapakidwa pa zilonda za pakhungu. Jivi wamphamvu, kapena wopakidwa masiku ambiri, amaotcha m'kamwa mwa khanda n'kusiya zilonda zoposa zimene amachiza. Dziko la Canada linamuchotsa pamsika m'chaka cha 2019 chifukwa cha nkhawa yoti angayambitse khansa. Choncho ngati agwiritsidwa ntchito, asungunule ndi wachipatala, ndipo masiku asapitirire amene wanena.

Uchi, shuga, soda ndi zitsamba zisalowe m'kamwa mwa khanda. Uchi makamaka ndi woopsa kwa mwana wosakwana chaka chimodzi, chifukwa umatha kukhala ndi mabakiteriya amene poizoni wake amafoola minofu mpaka mwana kulephera kupuma. Kupala zoyera ndi chikhadabo kapena nsalu yokhakhala kumangong'amba khungu.

Mbali ya mayi

Mwana woyamwa amakhudzana ndi bere kasanu ndi katatu kapena kuposa pa tsiku. Kandida amachoka m'kamwa kupita pabere, n'kuchoka pabere kubwerera m'kamwa. Mankhwala akapita mbali imodzi, mbali inayo imasunga mbewu. N'chifukwa chake ndondomeko ya WHO imati mwana woyamwa akapezeka ndi matendawa, mabere a mayi aonedwenso, ndipo akatswiri ambiri a zoyamwitsa amalangiza kuti awiriwa alandire chithandizo nthawi imodzi.

Pabere matendawa amadziwika chonchi: ululu wotentha kapena woyabwa umene umabwera pamene kale kuyamwitsa kunali kosapweteka, kawirikawiri mabere onse awiri, ndipo umapitirira mwana atasiya kuyamwa. Khungu la nsonga ndi chakuda chozungulira nsongayo limatha kunyezimira, kusuwa kapena kutuwa, ndipo mng'alu umene unalipo suchira.

Mankhwala a mayi ndi mikonazolo wopaka pakhungu wa 2 peresenti. Amapaka pang'ono, mopyapyala, pa nsonga zonse ziwiri ndi pozungulira pake, nthawi iliyonse akamaliza kuyamwitsa, kwa masiku 14. Mwana asanayamwenso, ngati pakuoneka mankhwala otsalira, apukute modekha ndi kansalu koyera. Kutsuka ndi sopo nthawi iliyonse kumangoumitsa khungu n'kuling'amba. Kumene mikonazolo palibe, kolotirimazolo kapena nisitatini wopaka amagwira ntchito.

Pano pali msampha wa machubu awiri a dzina limodzi. Mikonazolo wa m'kamwa ndi wa mwana, mikonazolo wa pakhungu ndi wa mayi. Wa pakhungu asalowe m'kamwa mwa mwana. Wa m'kamwa sanapangidwe kuti alowerere pakhungu, ndipo kumupaka pa nsonga ya bere kuti mwana amuyamwire kumabweretsanso ngozi ya kutsamwa ija. Mayi amene amamwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana amene amapatsidwa kwa ena odwala mtima, anene msanga, chifukwa mikonazolo amawonjezera mphamvu ya wafarini mpaka munthu kutaya magazi.

Kwa mayi wa chitsanzo chathu, ndiye kuti kalendala ili ndi mizere iwiri yoyambira tsiku limodzi. Mwana alandira nisitatini kanayi pa tsiku kwa mlungu ndi masiku awiri owonjezera, mayi apaka mankhwala ake kwa milungu iwiri. Mwana akamaliza, mayi amakhala atatsala ndi masiku pafupifupi asanu, ndipo amenewo sayenera kudulidwa.

Kuyamwitsa sikuima. Mkaka wa mayi suwonongeka ndi kandida, ndipo mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha. Akasiya kuyamwa, bere limadzaza n'kutupa, mwana n'kutsika sikelo. Ngati m'kamwa mukupweteka kwambiri moti akukana bere, mayi afinye mkaka n'kumumwetsa ndi kakapu koyera, osati botolo.

Zina ndi za pakhomo. Mayi akamaliza kuyamwitsa asiye nsonga ziume asanavale. Kansalu kotchingira mkaka kasinthidwe kakangonyowa, ndipo kamisolo, matawulo ndi matewera zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa mpaka ziume gwa. Nsonga za mabotolo ndi timphira toyamwa ziwiritsidwe tsiku lililonse, kapena zisiyidwe kumene. Ngati mayi akumvanso kuyabwa kumaliseche ndi chikazi choyera chambiri, anene, alandire mankhwala a kumeneko.

Pamene ululu si wa kandida

Si bere lililonse lopweteka limene lili ndi kafangasi, ndipo madokotala masiku ano amachenjeza kuti amayi ambiri amapatsidwa mankhwala a kandida pamene vuto ndi lina. Chimene chimapweteka nsonga kawirikawiri ndi kagwiridwe ka bere. Mwana akamayamwa nsonga yokha, osayasamula kwambiri kuti alowetse ndi chakuda chomwe, nsonga imatuluka m'kamwa itaphwatalala, ndipo ululu umakhala waukulu poyamba kuyamwa. Mankhwala a zimenezi ndi kukonza kakhalidwe ka mwana pabere: chibwano chikhudze bere, mlomo wam'munsi upindikire kunja, thupi lonse liyang'ane kwa mayi.

Bere limodzi likatupa, kulimba, kutentha, mayi n'kumamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo, chimenecho ndi chotupa cha bere, ndipo chimafuna kuonedwa tsiku lomwelo. Mng'alu wotuluka mafinya achikasu ndi wa mabakiteriya. Pokhapokha zonsezi zitaunikidwa, ndipo mankhwala opaka atalephera, ndi pamene dokotala angaganizire mapiritsi a fulukonazolo kwa mayi. Mapiritsiwa salowa m'malo mwa mankhwala a mwana, chifukwa amene amadutsa mu mkaka ndi ochepa, osakwana kuchiza m'kamwa.

Zoyera zikakana kutha

Mwa khanda la milungu yochepa, matendawa paokha satanthauza kuti chitetezo chagwa. Koma akamabwerabwera, kapena akakana kutha mwana atapitirira milungu 6 mpaka 8 ngakhale mankhwala aperekedwa moyenera, achipatala amayang'ana mozama. Bungwe la WHO limawerengera kandida wa m'kamwa wosatha pa msinkhu umenewu ngati chimodzi mwa zizindikiro za gawo lachitatu la matenda a HIV mwa ana. Ku Malawi, kumene kuyambira 2011 mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilomboka amayamba ma ARV a moyo wonse, mwana wa mayi wotere amayezedwa magazi akakwana milungu 6. Mayi amene anayezedwa ali ndi pakati n'kupezeka alibe akhoza kupemphedwa kuyezedwanso, popeza kachilombo kotengedwa pa nthawi yoyamwitsa kamapita kwa mwana mosavuta. Kwa mayi amene ali ndi HIV, ming'alu ya pabere ndi zilonda za m'kamwa mwa mwana zimawonjezera mpata wopatsirana, choncho kuchiza awiriwa mwachangu, uku akumwa ma ARV mosadumphitsa, n'kofunika koposa.

Zina sizidikira tsiku lobwereza. Mwana akakaniratu kuyamwa, akatentha thupi ali wosakwana miyezi iwiri, akafooka kapena kugona mosadzutsika, akamapuma mothamanga, kapena matewera onyowa akachepa kusafika 6 pa tsiku, apite kuchipatala nthawi yomweyo. Mwana wolira pomeza ndi kutaya dovu akhoza kukhala kuti kandida watsikira kummero, kumene nisitatini wodontheza sakwanira ndipo pamafunika fulukonazolo woyezedwa molingana ndi kulemera kwake.

Popanda zizindikiro zimenezi, khanda laling'ono limabwereranso pakatha masiku awiri kapena atatu kuti namwino aone ngati likuyamwa bwino. Mayi atenge botolo ndi chubu chomwe. Namwino adzaona kuchuluka kwa mankhwala otsala, adzamupempha asonyeze mmene amadonthezera, adzayang'ana mabere ndi pathewera, n'kumuika mwana pa sikelo. Ngati masiku 7 atha zoyera zilipobe ndipo kaperekedwe kali bwino, dokotala amasintha mankhwala: mikonazolo ngati mwana wakwana miyezi 4, kapena fulukonazolo, limodzi ndi kuyeza magazi a mayi ndi mwana.